Lata la Alamu Pamwamba pa Chipala

Munthu amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna awo a achemwali, ndipo chondipweteka mpaka lero n'chakuti anandilakwira ndi mphatso. Akanandinyoza ndikanadziwa chochita, pakuti kuyankha ndinabadwa nako. Koma iwo anakwera padenga la chipala cha atsibweni, nakanganula lata limodzi lakale, n'kukhomapo lata la pulasitiki lolowetsa kuwala. Kenaka nkhwangwa zanga zoyamba zitabenthuka, anazungulira msika wonse wa pa Kamwendo n'kumauza anthu kuti vuto ndi mtima wanga.

Sukulu ndinalekera m'njira, pa chifukwa chimene ine ndi aphunzitsi sitinagwirizane mpaka pano. Amayi atatopa ndi milandu ya kumpira ndi ya kuchigayo, anandigwira dzanja n'kukandisiya kwa mlongo wawo wosula zitsulo.

"Achimwene, mutengeni uyu," anatero. "Poti amakonda kumenya, azimenya chitsulo. Icho sichibwera kudzadandaula pakhomo panga."

Atsibweni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundilozera wilo ya njinga. Chipala chawo chinali kuseri kwa msika, chisakasa chotchingidwa mbali zitatu ndi malata akale akuda bii ndi mwaye. Ukalowamo kuchokera padzuwa unkayamba waima kaye, kuopa kuponda mbaniro kapena mwendo wa munthu. Pakati panali dzenje la makala, pambali chidutswa cha njanji chosulirapo, ndi chitini cha oyilo wakale wa mathiraki. Mphepo yokolezera moto inkachokera ku mvukuto wopukusa ndi wilo ija. Chitsulo chathu chinali masipuling'i othyoka, amene atsibweni ankapeza kwa madalaivala odikira kuwoloka kuboda. M'menemo munkatuluka nkhwangwa, zikwanje, akasemasema ndi mipeni.

Ndinapukusa wilo imeneyo mpaka dzanja langa lamanja linanenepa kuposa lamanzere. Pambuyo pake anandilola kugwira nyundo yaikulu, kenaka yaing'ono. Koma kulimbitsa chida, ntchito yomaliza ija yoviika m'oyilo, sankalola munthu. Amati nkhwangwa aliyense wamphamvu akhoza kuisula, koma kuti ikadule mtengo kapena ikabwere ili m'thumba zidutswazidutswa, zimagamulidwa pa kamphindi kamene ukuichotsa pamoto.

Atsibweni sanali munthu wofotokoza. Maphunziro awo onse anali mayina a zakudya. Chitsulo chikayamba kufiira mobisala, amati chiwindi. Chikafiira bwinobwino, tsabola. Chikapitirira n'kuwala ngati m'kati mwa dzungu lakupsa, dzungu. Pamwamba pake panali dzira, chikasu chija cha pakati. Chikayera n'kuyamba kulavula timoto tothetheka, pamenepo panalibe dzina la chakudya, panali dzina la ine, ndipo silinali labwino, chifukwa chitsulo chapsa ndipo wopukusa wilo ndi amene wachipsereza.

"Menya pa dzungu ndi pa dzira," ankatero. "Chikatsikira ku chiwindi leka, ubwezere pamoto, ungaching'ambe. Kuviika ndi pa tsabola basi. Ukaviika pa chiwindi sichilimba, chipindika ngati supuni. Ukaviika pa dzungu chilimba, inde, koma ngati botolo."

Ine ndinkafunsa kuti tsabola wake uti, poti kumsika kuli wamitundumitundu. Iwo ankangoti, "Pukusa."

Ndinaphunzira ndi maso. Ndinaona mmene ankatenthera kukamwa kwa nkhwangwa pang'onopang'ono, akuitembenuza kuti ifiire mofanana. Ikafika pa tsabola ankaviika kukamwako m'oyilo, utsi uli tolotolo, n'kuivuula kumbuyo kukadali kotentha. Kenaka ankapukuta msangamsanga kukamwako ndi mwala mpaka kuyere, n'kumayang'ana mitundu ina, yosawala, ikuyenda kuchokera kumbuyo: woyamba ngati udzu wouma, wotsatira ngati khosi la nkhunda. Wa nkhundawo ukayandikira kukamwa, ankaimiza yonse. Amati potero akuichotsa ukali. Ponena mawu amenewo ankandiyang'ana ine, koma ndinkachita ngati sindinaone.

Chaka china maso awo anachita ng'ala. Anayamba kuviika mozengereza, nthawi zina n'kundifunsa motsitsa mawu, ngati akufunsa za nyengo, kuti, "Iwe ukuona chiyani apa?" Ndikati tsabola, ankati, "Inenso," n'kuviika. Tsiku lopita ku Lilongwe kukapalitsa diso litakwana, anandiitana.

"Bambo wa butchala uja akufuna nkhwangwa ziwiri zodulira mafupa a ng'ombe. Usule, ulimbitse wekha. Zikakhala bwino, moto uwu ndi wako, ine ndizikhala pampando n'kumakunyoza. Zikakanika, ndiitana mwana wa mnzanga wa ku Kapondo adzagwire mbaniro, iwe ubwerere ku wilo."

Mwana wa ku Kapondoyo ndinkamudziwa. Ndinali wokonzeka kupukusira wilo munthu aliyense padziko, kupatula iyeyo.

Tsopano alamu. Iwo ndi a geni yowolokawoloka, lero abwera ndi zitenje, mawa mababu, mkuja mankhwala a makoswe. Si munthu woipa, ndinene zoona. Kungoti chilichonse chimene agula ku Chipata amachiona ngati yankho la funso limene ife sitinafunse. Kuyambira kale ankati akalowa m'chipala n'kupunthwa, amayamba ulaliki.

"Anthu inu mumakhala bwanji mumdima ngati akadzidzi? Kunja kuli chitukuko. Kasitomala amafuna aone chimene akugula."

Atsibweni ankangoti, "Zikomo akamwini," n'kupitiriza ntchito.

Atangokwera minibasi atsibweni, m'mawa mwake ndinapeza alamu ali padenga, nyundo yathu yomwe ili m'manja. Lata lakale la pamwamba penipeni pa moto linali pansi, m'malo mwake muli loyera ngati madzi. M'chipala munawala ngati m'chipatala. Ndinaona zinthu zimene sindinkadziwa kuti tili nazo: tchizulo chimene atsibweni anandinamizira kuti ndinataya, chipewa, ndi nkhuku ya eni ake itaikira pakona.

"Alamu, atsibweni akudziwa zimenezi?"

"Ndiye mphatso imeneyo, alamu. Akuchokera kotsukitsa maso, adzapeze pakhomo powala. Inu musavutike kuthokoza."

Sindinathokoze, komanso sindinakane. Ndinakulira m'mdima umenewo ngati mmene nsomba imakulira m'madzi, ndipo palibe anandiuzapo kuti nawonso ndi chida ngati mbaniro. Ndinkayesa atsibweni amangoumira kukonza denga.

Ndinasula nkhwangwa zija bwino kwambiri, ndipo izi ndikunena popanda manyazi. Chokhacho ndinaona kuti chitsulo chikuchedwa kufiira. Ndinati makala ndi oipa, ndipo ndinapita kukamuuza mayi wogulitsa makala mawu amene pambuyo pake ndinakapepesa. Tsiku lolimbitsa linali lopanda mtambo, dzuwa lili paliwombo, kuwala kukutsika pa lata lija molunjika pamoto. Ndinaika nkhwangwa, n'kupukusa ndi dzanja limodzi, mbaniro ku dzanja linalo. Ndinayang'ana: chiwindi. Ndinapukusa. Chiwindi chomwecho. Ndinapukusa mpaka thukuta m'maso, ndipo potsiriza tsabola anabwera, wotuwa pang'ono koma tsabola. Ndinaviika. Oyilo anayaka lawi lalikulu kuposa masiku onse, ine n'kumati ndiye kulimba kwake kumeneko. Ndinapukuta ndi mwala, ndinadikira khosi la nkhunda, zonse monga mwa mwambo. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinanola, ndinaika m'mipini, ndinakapereka ndekha, ndikuyenda pakati pa msewu kuti a kabaza aone.

Sipanathe masiku, bambo wa butchala anatulukira pakhomo la chipala, nkhwangwa ziwiri kukhwapa. Ndi munthu waulemu, wa chikofiya choyera, sakweza mawu ngakhale ng'ombe itamuponda. Anapereka moni wonse, anafunsa za diso la atsibweni, anafunsa za amayi, kenaka anafunyulula kapepala. Munali kachidutswa ka chitsulo konga chikhadabo.

"Aka, mwana wanga, kapezeka m'nyama ya dalaivala wina wa thiraki. Mwayi wake anali ndi mano olimba kuposa nkhwangwa yako."

Kukamwa kwa zonse ziwiri kunali magwerugweru ngati mano a nkhalamba. Alamu ndiwo anandiyankhira. Anali atakhala pa benchi panja, ndipo anadzuka n'kudzagwira nkhwangwa imodzi ngati munthu amene anasulapo.

"Pepani bambo. Mwanayu dzanja ali nalo, koma phuma. Mtima wake suugwira. Onani, ndamuikira ndi kuwala komwe kuti aziona bwino, koma ayi ndithu."

Pofika madzulo nkhani inali ponseponse. Wa kabaza wina anandifunsa ngati n'zoona kuti ndinakalipira nkhwangwa mpaka inathyoka yokha. Amayi a mandasi anati ndisawayang'anitsitse mandasi awo angasweke. Ndinkafuna kupita kwa alamu usiku usanagwe, koma achemwali anandipeza panjira, mwana kumsana.

"Ukawakhudza alamu ako, ndiye kuti wavomera zonse zimene akunena. Pita ukagone."

Anandidziwa pondigwira. Ndinakagona, koma tulo sitinabwere.

Atsibweni anabwera atavala magalasi akuda ngati woimba. Diso lopalidwalo linkaona kwambiri moti anati akudandaula, chifukwa anali ataiwala kuti banja lathu ndi la nkhope zotere. Anafika pachipala mawa lake, alamu ali pambuyo kudikira kuthokozedwa, ine ndili chilili pafupi ndi wilo, poti ndinadziwa kuti ndi kumene ndikubwerera.

Anatenga nkhwangwa imodzi, navula magalasi, nayang'anitsitsa pobenthukapo. Kenaka anatola tchizulo chakale chothyoka, chimene analimbitsa okha, n'kundipatsa zonse ziwiri.

"Ukuona chiyani?"

Pothyoka pa tchizulo chawo panali posalala, potuwa ngati phulusa losefa. Pa nkhwangwa yanga panali timibulu tonyezimira ngati shuga.

"Shuga," ndinatero.

"Unaviika pa dzungu."

"Anali tsabola, atsibweni. Ndikulumbira pa amayi anga."

"Usalumbire pa mlongo wanga, wavutika kale mokwanira."

Anakweza mutu n'kuyang'ana lata lija nthawi yaitali. Alamu anakonza kolala. Atsibweni anandiuza kuti ndikoleze moto, naikapo kachidutswa ka sipuling'i, n'kuti ndipukuse mpaka nditaona tsabola wanga uja. Nditati wafika, anakapana ndi mbaniro.

"Akamwini, mtundu wanji uwu?"

"Wofiira, atsibweni. Wofiirira chabe."

Pakona panali diramu lopanda chivindikiro, logonekedwa cham'mbali. Analowetsa kachitsulo kaja m'kati mwake, mumdima, n'kuti tisuzumire. Kanali kuwala ngati dzungu, mpaka nthiti za diramu zinkaoneka. Anakatulutsa padzuwa la lata lija, kanabwerera kufiirira kwake kofatsa. Anakalowetsanso: dzungu.

"Chitsulo ndi chomwechi, kutentha n'komweku," anatero atsibweni. "Kuwala kwa dzuwa kumameza kuwala kwa chitsulo. Pamene iwe unkadikira tsabola, tsabola anali atadutsa kalekale."

Ndinatembenukira kwa alamu. Atsibweni anandiponda chala chakuphazi, osayang'ana n'komwe pansi.

Munthu wina akanagwa nkhope. Alamu anagwedeza mutu ngati agwirizana ndi mnzawo wanzeru. "Mwaonatu, atsibweni. Ndi zimene ndimanena. Mmisiri weniweni akanadziwa kusuzumira m'diramu. Achinyamatawa amafuna kuuzidwa chilichonse." Kenaka anafunsa ngati lata lawasangalatsa.

"Zikomo akamwini," anatero atsibweni. "Ndi lokongola."

Alamu atachoka ndinaphulika. Ndinati ndikwera pompano ndikaligwetse, ndikalipinde, ndikawafolerere nalo khola la nkhumba. Atsibweni anadikira kuti ndimalize, ngati mmene amadikirira oyilo kuti aleke kuwira.

"Mkamwini akakupatsa mphatso pamaso pa anthu, sukanganula. Ukatero wachotsa iyeyo, ndipo amene adzalire ndi mlongo wako. Lisiye. Utsi ulipo, ugwira ntchito yake."

Ndipo unagwiradi. Patapita masabata lata lija linayamba kuda, m'chipala n'kumabwerera kamdima kathu. Atsibweni anauza bambo wa butchala kuti apirire, namubwereka nkhwangwa yawo yakale. Anandiuza kuti ndikonze zanga zomwe zija: ndidule mobenthukamo, ndisulenso kukamwa, kenaka ndizitenthe kufika pa tsabola n'kuzisiya zizizire zokha pamphepo, kangapo, kuti shuga uja abwerere kukhala phulusa. Za mwana wa ku Kapondo sananene kuti abwera, sananenenso kuti sabwera. Ankangomutchula apo ndi apo, kuti akumva kuti ndi wofatsa.

Koma Loweruka lina m'mawa tinapeza makwerero atatsamira chipala, alamu ali pamwamba ndi ndowa, sopo ndi chisanza. Anatsuka kunja, natsika, nalowa m'kati, natsukanso kunsi kwake mpaka lata linalira.

"Chinthu chabwino chimafuna chisamaliro," anatero akupukuta manja. "Inu mukanalisiya life."

Atsibweni anati zikomo akamwini. Ine ndinatuluka n'kukazungulira msika kawiri. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi: utsi udetse sabata yonse, alamu adzayeretse Loweruka.

Choncho tsiku loyesanso atsibweni anasankha Lachisanu, mwaye utachuluka, dzuwa litapendeka. Anatumizira achemwali uthenga kuti akufuna mababu a ku Chipata, kuti alamu akhale kutsidya. Ine ndinaponya mphasa yakale padenga, atsibweni anayang'ana kumbali ngati sakuona. Anakhala pa wilo okha, koyamba chibwerere ine, n'kumapukusa pang'onopang'ono.

"Sindikuuza kanthu," anatero. "Diso langa latsopanoli sindinalizolowere, likhoza kunama."

Ndinaika nkhwangwa. Chiwindi chinabwera msanga, chakuda, chochokera m'mphepete. Ndinaitembenuza. Mtima unkafuna kuuza atsibweni kuti apukuse mwamphamvu, koma ndinaluma mlomo. Kufiira kunayenda mpaka kukamwa konse kunafanana, ndipo anali tsabola weniweni, uja ndinamuona zaka zonsezi ndili ku wilo. Ndinailowetsa m'diramu kuti nditsimikize: tsabola yemweyo. Ndinaviika. Oyilo anangofuka, kalawi kakang'ono n'kuzima. Mwala, udzu wouma, khosi la nkhunda, n'kumiza. Yachiwirinso.

Titanola, atsibweni sanadikire za mawa. Tinapita ku butchala, bambo aja n'kutulutsa fupa la mwendo wa ng'ombe, lija limagonjetsa zikwanje. Analiika pa chipika, natema ndi yoyamba, natema ndi yachiwiri, mobwerezabwereza mpaka mafuta a m'fupa anatuluka. Anapukuta kukamwa ndi chala chachikulu, nayang'ana, napatsira atsibweni. Panalibe pobenthuka, panalibe popindika.

"Madalaivala apulumuka," anatero bambo aja.

Pobwerera atsibweni anatsogola mpaka pakhomo la chipala. Anatenga mbaniro zawo zazitali, zimene sankalola munthu kuzigwira, n'kuzikoleka pa msomali wa mbali yanga.

"Moto ndi wako," anatero. Anayang'ana kudenga. "Ine mphatso ya akamwini sindingaichotse, anapatsa ine. Koma kuyambira lero ndilibe chipala. Mwini moto ndiye mwini denga. Iwe ndi alamu ako mumaseleulana, zimenezo ine sizindikhudza. Chokhacho, dzanja lako likhale pansi."

Loweruka m'mawa ndinafika molawirira. Lata lakale lija ndinali nditaliwongola, lili chotsamira khoma pamodzi ndi misomali. Atsibweni anakhala pampando wawo panja, magalasi akuda kumaso, akuti akuothera dzuwa. Alamu anatulukira akuimba mluzu, makwerero paphewa, ndowa m'manja. Anadabwa kuona mphasa padenga, nati anthu ena sadziwa kuyamika. Ndinawathandiza kuimika makwerero, ndinawagwirira mwaulemu wonse mpaka anafika pamwamba. Kenaka ndinawaponyera nyundo, ndinachotsa makwerero aja, n'kuwagoneka pansi bwinobwino.

"Alamu, nanga makwerero?"

A kabaza awiri anali ataima kale pamsewu. Ndinaika manja kumbuyo kuti atsibweni awaone, ndipo ndinayankhula motsitsa, ngati mwana wa ku Kapondo.

"Alamu, lata lanulo ndi lokongola, ndipo mukalikhome kubafa kwanu, kumene munthu amafunika kuona chimene akutsuka. Zulani misomali, munditsitsire, ndikupatsireni lakudali mukhome. Mukamaliza makwerero abwera. Musachite phuma, ine mtima ndaugwira, ndikhoza kudikira mpaka madzulo."